Kafukufuku wothera m'tauni sanena za dziko lonse

 Nkhani ya lero ndi ya manambala amene amamveka pawailesi ndi m'nyuzipepala, aja amayamba ndi mawu akuti kafukufuku wapeza kuti Amalawi ambiri ali chakuti, ndiponso za amene anafunsidwa kuti nambala yotereyo ituluke.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni. Mwa anthu 100 alionse, 16 okha ndi amene ankakhala m'matauni, pomwe 84 anali kumidzi. Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, mizinda inayi imene imatchulidwa tsiku ndi tsiku pa nkhani, inali ndi anthu ongopitirira pang'ono 2 miliyoni ikaphatikizidwa. Choncho munthu amene watenga mafomu ake n'kuzungulira Ndirande, Kawale, Chibavi ndi Chinamwali, ngakhale atatopa bwanji, wayenda m'kachigawo kochepa ka dziko. Anthu oposa 14 miliyoni sanawayandikire n'komwe.

Kusafunsa aliyense pakokha si vuto. Kupatula kalembera, palibe kafukufuku amene amafika pakhomo lililonse, chifukwa ndalama ndi nthawi sizingalole. Ofufuza amasankha kagulu ka anthu, kamene amakatchula kuti sampulo, ndipo zimene kaguluko kanena amazitenga ngati zoimira onse. Wogula chimanga pamsika amachita zomwezo. Sakhuthula thumba lonse kuti aone njere iliyonse, amangotapa pang'ono. Koma wogula wochenjera amalowetsa kachitsulo kake pakati ndi pansi pa thumba, podziwa kuti chimanga chapamwamba chikhoza kukhala chowala pomwe chapansi chili chofumbwa. Sampulo imakhala yokondera pamene njira yosankhira anthu ikupereka mwayi waukulu kwa ena, n'kuwamana ena, ndipo osankhidwawo akusiyana ndi osiyidwawo pa nkhani yomwe ikufufuzidwa.

Mbali yomalizayi ndiyo ikuluma kwambiri m'Malawi, chifukwa tauni ndi mudzi zimasiyana pa zinthu zambiri zimene boma ndi mabungwe amafuna kuyeza. Nkhani ya magetsi ikuonetsa bwino kukula kwa kusiyanako.

Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wotchedwa MDHS, amene ofesi ya NSO ya ku Zomba inachita m'zaka za 2015 ndi 2016, anapeza kuti m'matauni nyumba 49 pa 100 zilizonse zinali ndi magetsi. Kumidzi zinali 4 zokha pa 100. Tsono gulu la ofufuza likanati lipite m'mizinda yokha, lifunse nyumba 1,000 mosamala ndi mwachilungamo, popanda wonama kapena wolemba molakwika, likanapeza nyumba pafupifupi 490 zoyaka magetsi. Lipoti lake likanalengeza kuti theka la Amalawi lili ndi magetsi.

Nambala yoona ya dziko lonse imapezeka powerengera mbali iliyonse molingana ndi kukula kwake. Pa nyumba 100 zoimira Malawi yense, pafupifupi 16 ndi za m'tauni ndipo 84 ndi za kumudzi. Mwa 16 za m'taunizo, pafupifupi theka, zomwe ndi nyumba 8, zili ndi magetsi. Mwa 84 za kumudzi, zoyaka magetsi ndi zitatu zokha. Kuphatikiza 8 ndi 3 kukupereka 11, ndipo iyi ndiyo nambala imene MDHS inapeza: nyumba 11 pa 100 zilizonse. Kafukufuku wa m'tauni uja akanati 49, pomwe zoona zake zinali 11. Akanakuza nkhaniyo kupitirira kanayi, ndipo aliyense wokonza mapulani ofikitsa magetsi kumidzi potengera lipoti limenelo akanaganiza kuti ntchito yafika pakatikati pomwe yangoyamba kumene.

Apa ambiri amafulumira kunena kuti nyumba 1,000 zachepa, afunse zochuluka. Maganizo amenewa ndi amene asokeretsa ngakhale anthu ophunzira, ndipo ayenera kuunikidwa modekha. Pali zolakwika za mitundu iwiri zimene zimalowa mu kafukufuku. Choyamba n'chochitika mwangozi: sampulo ina ikhoza kugwera nyumba zamagetsi zochulukirapo pang'ono, ina zocheperapo pang'ono. Cholakwika ichi chimachepa sampulo ikamakula. Pa nyumba 1,000 zosankhidwa mwamaere, nambala ikhoza kuphonya ndi 3 pa 100 kumtunda kapena kumunsi, ndipo pa nyumba 10,000 imaphonya ndi 1 yokha. Ichi ndicho cholakwika chimene malipoti ambiri amachitchula monyadira kumapeto kwa tsamba. Chachiwiri ndi kukondera kuja, ndipo ichi sichisuntha ngakhale pang'ono. Ofufuza akafunsa nyumba 10,000 za m'tauni apezabe 49. Akafunsa 100,000 apezabe 49. Mpata wa pakati pa 49 ndi 11 udzakhala pomwepo, kungoti tsopano nambala yolakwikayo idzanenedwa molimba mtima kwambiri, ndipo omva adzaikhulupirira chifukwa cha kuchuluka kwa ofunsidwa.

Dziko la Amereka linaona zimenezi m'chaka cha 1936. Magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni pa funso la amene adzapambane chisankho cha pulezidenti, ndipo inalosera kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. Maina a ofunsidwa inawatenga kwambiri m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi imene anthu osauka analibe zinthu zimenezi, komanso ambiri mwa amene anatumiziridwa makalata sanayankhe. Roosevelt anapambana ndi mavoti pafupifupi 61 pa 100 alionse. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi magaziniyo koma osankhidwa kuti afanane ndi dziko lonse, analosera molondola amene apambane.

Kukondera kwa tauni sikumakometsera zinthu nthawi zonse. Pa magetsi, tauni imaonetsa dziko ngati lotukuka kuposa momwe lilili. Pa kubereka, imabisa kukula kwa chiwerengero cha ana. MDHS yomweyo inapeza kuti mayi wa m'tauni amabereka ana pafupifupi 3 pa moyo wake, wa kumudzi pafupifupi 5, ndipo dziko lonse nambala inali 4.4. Wokonza makalasi a Sitandade 1 kapena katemera wa ana atadalira nambala ya m'tauni, ana ambiri angapezeke alibe malo. Pa matenda ena, tauni imachita zosiyana, imakuza vuto. Izi n'zimene zinachitika pa nkhani ya HIV, ndipo pano tikhalitsapo chifukwa sizongoyerekeza, zinachitikadi ndipo zinakhudza dera lonse lino la Afirika.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, maiko ambiri a kuno anali asanayeze magazi a anthu khomo ndi khomo. Njira imene inkagwiritsidwa ntchito kwambiri inali yoyeza magazi a amayi oyembekezera obwera kusikelo m'zipatala zingapo zosankhidwa, osalemba maina awo. Inali njira yanzeru pa nthawi yake. Magaziwo ankatengedwa kale pofuna kuyeza matenda ena, mtengo wake unali wotsika, ndipo chaka ndi chaka zinkaoneka ngati kachirombo kakufala kapena kakuchepa. Pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, amayi oyembekezera opezeka ndi HIV anali 2 pa 100 alionse mu 1985, ndipo pofika 1996 anali pafupifupi 33 pa 100. Manambala amenewa anali oona, ndipo anathandiza kudzutsa dziko.

Vuto linali pogwiritsa ntchito manambala a kusikelo ngati chithunzi cha dziko lonse. Zipatala zosankhidwazo m'maiko ambiri zinali za m'mizinda ndi m'matauni, kumene kunali malabotale, magetsi osungira magazi ndi msewu wabwino. Ngakhale zimene zinkalembedwa kuti n'zakumudzi, zambiri zinali paboma, pamishoni yaikulu kapena pamalo a malonda a m'mbali mwa msewu, kumene kachirombo kanali kofala kuposa m'midzi ya kutali. Kuwonjezera apo, amayi oyembekezera saimira akuluakulu onse: mulibemo abambo, ndipo mulibemo amene sanayambe kugonana. Akatswiri ankadziwa zimenezi ndipo ankayesa kukonza manambalawo ndi masamu, koma analibe choyezera chenicheni cha mmene zinthu zinalili kumidzi ya kutali, choncho ankangoyerekeza.

Zinthu zinasintha kuyambira 2001, pamene kafukufuku woyenda m'makomo anayamba kuyezanso magazi. Zambia inali m'gulu la maiko oyamba. Bungwe la UNAIDS linali litayerekeza kuti pakutha pa 2001, akuluakulu 21.5 pa 100 alionse m'Zambia anali ndi HIV. Kafukufuku wa m'makomo wa 2001 ndi 2002, amene anasankha nyumba m'zigawo zonse za dzikolo, anapeza pafupifupi 16 pa 100. Ataigawa nambalayo, chifukwa chake chinaoneka poyera: m'matauni anali 23 pa 100, kumidzi 11 pa 100. Nambala yakale ija inali pafupi kwambiri ndi ya m'tauni. Ku India, chiwerengero cha anthu okhala ndi HIV chinatsitsidwa mu 2007 kuchoka pa 5.7 miliyoni kufika pa 2.5 miliyoni, kafukufuku wa m'makomo atachitika. Chaka chomwecho UNAIDS inatsitsa chiwerengero cha dziko lonse lapansi kuchoka pa 39.5 miliyoni kufika pa 33.2 miliyoni, ndipo inanena momveka kuti chachikulu chimene chinasintha ndi kawerengedwe, osati mliri. Anthu amene anachoka pa chiwerengerocho sanachire ndipo sanamwalire. Anali anthu ongoyerekezedwa potengera zipatala za m'tauni.

Mliriwo unali woopsabe, ndipo palibe chifukwa choupeputsira. Koma ndalama za mankhwala, chiwerengero cha ana amasiye oyembekezeka ndi malo otumizako alangizi zonse zimawerengedwa kuchokera pa manambala amenewa, ndipo nambala ikapotoka thandizo limapita kolakwika. Kuno ku Malawi mpatawo ukuonekabe: MDHS ya 2015 ndi 2016 inapeza HIV mwa anthu 14.6 pa 100 m'matauni ndi 7.4 pa 100 kumidzi, mwa a zaka 15 mpaka 49, ndipo dziko lonse inali 8.8.

Nanga n'chifukwa chiyani ofufuza ambiri amathera m'tauni, pomwe zonsezi n'zodziwika? Kawirikawiri si chinyengo ayi, ndi kuphweka kwa ntchito. M'tauni wofunsa mafunso amamaliza nyumba zambiri pa tsiku, akuyenda wapansi kapena pa minibasi. Kuti afike kumudzi wa kutali ku Chitipa, ku Nsanje kapena kutsidya la nyanja ku Likoma, pafunika galimoto yolimba kapena boti, mafuta, malo ogona, kukaonekera kaye kwa mfumu, ndiponso wofunsa wodziwa Chilambya, Chisena, Chiyao kapena Chitumbuka. Bajeti ikachepa, midzi ya kutali ndiyo imayamba kufufutidwa pamndandanda. Katswiri wa zachitukuko Robert Chambers analemba za khalidwe limeneli m'buku lake la 1983. Anaonetsa kuti alendo ochokera m'tauni, ngakhale akanena kuti apita kumudzi, amatsata msewu wa tala, amaima pamene galimoto ingafike, amayenda m'chilimwe, ndipo amalankhula ndi anthu odziwika a m'deralo. Kwa Mmalawi izi sizachilendo. Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zatha, malungo achuluka ndipo milatho yakokoloka, ndiyo miyezi imene galimoto za ofufuza sizifuna kulowa m'midzi. Kafukufuku wa chakudya wochitika mu Juni, anthu atangokolola, sangaione njala ya m'dzinja.

Kafukufuku wochitika bwino amatseka mipata imeneyi asanayambe ulendo, ndipo MDHS ija ikuonetsa mmene zimakhalira. Poyambira pake ndi mapu a kalembera, amene amagawa dziko lonse m'timadera ting'onoting'ono, kalikonse kokhala ndi malire ake ndi chiwerengero cha nyumba zake. Ofufuza anagawa boma lililonse mwa maboma 28 pawiri, tauni ndi mudzi, kenako n'kusankha timadera mwamaere m'gawo lililonse. Anasankha timadera 850, ndipo mwa timeneti 173 tinali ta m'tauni, 677 ta kumudzi. Asanafunse funso ngakhale limodzi, gulu lina linapita m'kadera kalikonse kukalemba nyumba zonse zimene zilimo. Pamndandanda umenewo ndi pamene panasankhidwa nyumba zokafunsidwa, 30 m'kadera ka m'tauni ndi 33 m'kadera ka kumudzi, zonse pamodzi pafupifupi 27,500.

Mfundo yaikulu pa dongosolo limeneli ndi yakuti wofunsa mafunso sasankha yekha khomo lolowapo. Amapatsidwa nyumba zake, ndipo saloledwa kusinthanitsa ndi ina. Akapeza pakhomo palibe munthu chifukwa onse ali kudimba, sapita kwa oyandikana nawo amene wawapeza ali pakhonde, amabweranso nthawi ina. Lamuloli limaoneka lovutitsa, koma likangophwanyidwa sampulo imadzaza ndi anthu opezeka mosavuta, okhala pafupi ndi msewu ndi osapita kumunda, ndipo kukondera kuja kwalowanso.

Pali sitepe ina yomaliza imene anthu ambiri saidziwa. Nthawi zina ofufuza amafunsa dala anthu ochuluka m'dera laling'ono, kuti deralo likhale ndi nambala yakeyake yodalirika. Akatero, powerengera dziko lonse amapatsa yankho lililonse kulemera kwake. Tiyerekeze gulu lafunsa nyumba 500 m'tauni ndi 500 kumudzi pa nkhani ya magetsi ija. M'tauni lipeza nyumba 245 zamagetsi, kumudzi 20. Likangophatikiza, lipeza 265 pa 1,000, kapena kuti pafupifupi 27 pa 100, nambala yolakwikabe chifukwa tauni yatenga theka la sampulo pomwe m'dziko ili ndi 16 pa 100 basi. Pokonza, yankho lililonse la m'tauni limachulukitsidwa ndi 0.32, yomwe ndi 16 kugawa ndi 50, ndipo la kumudzi ndi 1.68, yomwe ndi 84 kugawa ndi 50. Nyumba 245 zija zimasanduka 78, ndipo 20 zija zimasanduka 34. Zonse pamodzi ndi 112 pa 1,000, ndipo nambala yabwerera pa 11.

Masamu amenewa ali ndi polekezera. Amagwira ntchito pokhapokha ngati anthu akumudzi alimo mu sampulo. Ngati sanafunsidwe n'komwe, palibe choti chichulukitsidwe, ndipo palibe kompyuta imene ingapeke mayankho awo. Komanso ngati akumudzi ofunsidwawo ndi a pamalo a malonda okha, monga Lizulu, Jenda kapena Ulongwe, kumene kuli mapolo a magetsi ndi magolosale, kuwachulukitsa ndi 1.68 kumangokuza cholakwikacho, popeza tsopano akuimira midzi yonse imene safanana nayo.

Ngakhale kafukufuku woyenda m'makomo ali ndi mabala ake. Amaphonya asodzi amene ali panyanja, madalaivala a mathiraki, akaidi, ndi ana ogona m'misewu. Ena amakana kuyankha kapena kuyezedwa. Mu MDHS ya 2004, yoyamba kuyeza HIV m'makomo m'Malawi, anthu ambiri a m'boma la Lilongwe sanayezedwe, ndipo nambala imene inatuluka kumeneko inali yotsika mokayikitsa, moti olemba lipoti anachenjeza za iyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kafukufuku wotere amadziwa amene wawaphonya ndi kuchuluka kwawo, ndipo amalemba poyera.

Masiku ano kukondera kwa tauni kwapeza njira yatsopano, ya pafoni. Kuimbira anthu n'kotchipa ndipo n'kwachangu, koma pa nthawi ya MDHS ija nyumba zakumudzi zokhala ndi foni zinali pafupifupi theka, pomwe m'tauni zinali zoposa 8 pa 10 zilizonse, ndipo amayi okhala ndi foni yawoyawo anali ochepa kuposa abambo. Mavoti a pa uthenga wa pafoni, mafunso a pa WhatsApp, ngakhalenso mapulogalamu a pawailesi oimbira foni, amamva mawu a munthu amene ali ndi foni, ndi mayunitsi, ndi potchajira, ndi netiweki, komanso amene nkhaniyo yamukhudza mpaka kufuna kulankhulapo. Maganizo awo ndi oyenera kumvedwa, koma kuwalengeza ngati maganizo a Amalawi onse n'kulakwira anthu mamiliyoni amene analibe njira yoyankhira. Mu 2020, pamene Covid-19 inaletsa kuyenda m'makomo, NSO mothandizana ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inachita kafukufuku wa pafoni, koma manambala a foni inawatenga ku mabanja amene inali itawayendera kale mu 2019. Potero inkadziwa mmene mabanja okhala ndi foni amasiyanirana ndi opanda foni, ndipo inkatha kukonza kulemera kwa mayankho.

Womvera wamba, mtolankhani kapena khansala amene wapatsidwa lipoti akhoza kuzindikira kafukufuku wothera m'tauni popanda kudziwa masamu ambiri. Lipoti labwino limatchula maboma amene anayenderedwa, chiwerengero cha ofunsidwa m'tauni ndi kumudzi padera, mwezi umene ntchito inachitika, ndi zilankhulo zimene zinagwiritsidwa ntchito. Likangoti anthu anafunsidwa m'zigawo zonse zitatu, ndi bwino kufunsitsa, chifukwa Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre nazonso zili m'zigawo zitatu. Njira ina yachangu ndiyo kuyang'ana tebulo lofotokoza ofunsidwawo n'kuliyerekeza ndi kalembera. Ngati theka la ofunsidwa lili ndi magetsi kunyumba, kapena ambiri anafika Fomu 4, kapena alimi ndi ochepa, ndiye kuti sampuloyo ndi ya m'tauni, ngakhale mutu wa lipoti utanena za Malawi yense. Zotsatira zake zikhoza kugwirabe ntchito ku khonsolo ya mzinda imene ikufuna kudziwa za madzi ku Ndirande kapena zinyalala ku Kawale, malinga mutuwo usinthidwe kuti utchule mizinda imene ofufuzawo anafikako.